Mwala woyera si golide: mmene madzi otentha a pansi amasiyira kopa ndi golide m'ming'alu ya matanthwe

Chiyambireni anthu kukhamukira ku Makanjira m'boma la Mangochi kukafuna golide, mwala woyera wapeza ulemu umene unalibe kale. Munthu akaugunda ndi khasu m'munda sautayanso kumalire, amautola n'kuyamba kufunsa ngati muli kanthu. Amene amati golide amayenda ndi mwala woyera sakunama. Koma amene wasinjapo matumba a mwalawo mumtondo wachitsulo n'kutsuka osapeza kalikonse nayenso sakunama. Mwala woyerawu dzina lake ndi kwatsi, ndipo ukapezeka utadutsa m'thanthwe lina ngati mzere, akatswiri a miyala amautcha mtsempha. Mtsempha ndi mng'alu wakale umene munkadutsa madzi otentha, madziwo n'kuutseka okha ndi zimene ananyamula. Choncho umangotiuza kuti pano panadutsa madzi. Sutiuza ngati madziwo ananyamula chitsulo, kapena ngati anachitula pomwepo.

Pali njira zingapo zimene mitsempha ya golide imapangikira. Pano tikambirana imodzi, imene imapereka gawo lalikulu la kopa wa padziko lonse pamodzi ndi golide wambiri: mitsempha yopangika pamwamba ndi m'mbali mwa chiphalaphala cha miyala chimene chikuzizira pansi pa nthaka. Mgodi umene tiutsate ndi wa Bingham Canyon, kufupi ndi mzinda wa Salt Lake City m'chigawo cha Utah ku America, chifukwa ndi umodzi mwa migodi imene akatswiri anaifufuza mozama kwambiri.

Chiphalaphala chimene sichinatuluke

Tikamva za chiphalaphala timaganiza za phiri lophulika. Koma chiphalaphala chambiri sichifika kunja. Chimakwera kuchokera pansi, n'kuima panjira, makilomita 5 mpaka 15 pansi pa mapazi athu, n'kuyamba kuuma pang'onopang'ono kwa zaka masauzande ambirimbiri. Phiri la Mulanje ndi chitsanzo chimene tingachione ndi maso. Matanthwe ake anali chiphalaphala chimene chinaumira pansi zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo tikuwaona lero chifukwa miyala yofewa imene inawaphimba inakokoloka.

Chiphalaphala chimene chimabala kopa si chilichonse ayi. Nthawi zambiri chimabadwira kumene thanthwe la pansi pa nyanja yamchere likumira pansi pa mtunda, ngati ku Chile, ku Peru, ku Indonesia ndi ku Philippines. Thanthwe lomiralo limapita ndi madzi a m'nyanja, mchere ndi sulufule, ndipo zimenezi zimalowa m'chiphalaphala chobadwira pamwamba pake. Chiphalaphala chotere chimakhala ndi madzi okwana magawo 4 kapena kuposerapo pa 100 alionse a kulemera kwake. Madziwa sali ngati dziwe. Asungunukiramo m'mwala wamadzimadziwo, ndipo chimene chimawagwira kuti asatuluke ndi kulemera kwa matanthwe a pamwamba.

Kuchokera padenga la nkhokwe yaikulu ya chiphalaphala choima panjira chija, chiphalaphala china chimathamangira m'mwamba ngati zala zowonda, n'kukaima makilomita 1 mpaka 4 pansi pa nthaka. Mwala wa zala zimenezi umadziwika msanga ukauswa: muli timibulu tikulutikulu toyera, tooneka bwino, titamwazikana mu ufa wa mwala wosalala. Timibulu tikulutikuluto tinakula modekha m'nkhokwe ya pansi, pamene ufawo unauma mwadzidzidzi madzi atathawa. Mwala wotere amautcha pofiri, ndipo migodi ya mtundu umenewu imadziwika ndi dzina lomwelo. Ku Bingham zala zoterezi zinalowa m'matanthwe akale a mchenga ndi a laimu zaka pafupifupi 38 miliyoni zapitazo.

Mmene madzi amathawira n'kuswa thanthwe

Chiphalaphala chikamauma, timibulu timene timayamba kupangika sititenga madzi ambiri. Madziwo amatsalira m'gawo limene likadali lamadzimadzi, ndipo gawolo likamachepa madzi amanka nachulukiramo, mpaka limalephera kuwasunga onse. Kukwera m'mwamba nako kumachita chimodzimodzi, chifukwa katundu wa pamwamba amapepuka. Amene anasungapo thobwa m'botolo lotseka bwino padzuwa akudziwa zimene zimachitika. Mukaliyang'ana botololo, thobwa yangoti zii, koma botolo lauma gwa. Mukangopotoza chitsekerero, thovu limatumphuka kuchokera paliponse. Mpweyawo unalimo kale, chimene chinkaubisa ndi kupanikizika.

Madzi otuluka m'chiphalaphala amasonkhana kunsonga ya chala chija, pansi pa chigoba cha mwala umene wauma kale. Mwala wouma pamodzi ndi madzi otulukawo zimafuna malo aakulu kuposa amene chiphalaphala chinali nawo poyamba, ndiye chigoba chimapanikizidwa mpaka kusweka. Sichisweka ndi mng'alu umodzi waukulu. Chimang'ambika paliponse, ming'alu masauzande yopingasana, yambiri yosaposa chala m'lifupi. Madzi amathamangiramo, kupanikizika kumatsika mwadzidzidzi, ndipo silika, chinthu chimene chimapanga mchenga wambiri, amene anasungunuka m'madzimo, amaundana m'makoma a mng'alu n'kusanduka kwatsi. Mng'alu ukatsekeka, madzi ena amasonkhananso pansi, thanthwe limaswekanso. Zimenezi zimabwerezedwa kambirimbiri, n'chifukwa chake mwala wa mumgodi wa pofiri umaoneka ngati ukonde wa mizere yoyera, wina kudula unzake.

Pano pali chinthu chimodzi chofunika kuchigwira bwino. Thanthwe likatentha kupitirira madigiri 400, limakhala lofewa pang'ono, moti mng'alu sukhalitsa, umadzitseka wokha. Madzi a m'dera limeneli amasenza kulemera konse kwa matanthwe a pamwamba. Kumtunda, kumene thanthwe lazizira kutsika madigiri 400, ndi lolimba ndipo ming'alu imakhala yotseguka mpaka kunja. Kumeneko madzi amangosenza kulemera kwa madzi anzawo. Poti mwala umalemera kuposa madzi pafupifupi katatu, madzi akamaoloka malire amenewa kupanikizika kwawo kumagwa kwambiri pa mtunda waufupi, ndipo amakumananso ndi thanthwe lozizira. Chitsulo chambiri chimatulidwa pafupi ndi malire amenewa.

Chimene chimanyamula chitsulo

Golide mungamuike m'madzi a pachitsime kwa zaka 1,000 osasungunuka. Nanga madzi a pansiwa amamunyamula bwanji? Amatero chifukwa sali okha. Muli mchere ndi sulufule, ndipo akutentha madigiri 600 kapena 700. Kolorini wa mumchere amagwirana ndi kopa, ayironi ndi zitsulo zina n'kupanga timagulu timene timayenda m'madzi. Golide naye amagwirana ndi kolorini madzi akatentha kwambiri, koma mnzake wapamtima ndi sulufule, makamaka madzi akayamba kuzizira. Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti kopa atsike msanga pafupi ndi chiphalaphala, pamene golide wina amapitirira ulendo mpaka kutali.

Wina angafunse kuti ndani anapita pansipo kukatunga madziwo. Madziwo anadzisunga okha. Kwatsi akamakula amatsekera timadontho ta madzi amene akukuliramo, tating'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi. Katswiri amadula kachidutswa ka mtsempha, n'kukapala mpaka kuwala kuzidutsa, n'kukaika pa maikulosikopu. M'kati mwa kwatsi amaona timapanga tambirimbiri. M'kaphanga kena muli madzi, kathovu kozungulira kamene nthawi zina kamanjenjemera, ndi kambulu ka mchere ka ngodya zinayi, kofanana ndi mchere wa patebulo. M'kaphanga koyandikana nako muli thovu lalikulu lakuda ndi timadzi tochepa m'mbali. Akatenthetsa kachidutswako pang'onopang'ono, pamafika pamene kathovu kamazimiririka, ndipo kutentha kumeneko kumasonyeza kuti madziwo potsekeredwa anali otentha mosachepera pamenepo. Akakaziziritsa, mmene madzi oundana akusungunukira zimasonyeza kuchuluka kwa mchere. Henry Clifton Sorby wa ku England analemba za timapanga timeneti kalekale mu 1858. Masiku ano amaboola kaphanga kamodzikamodzi ndi kuwala kwa leza n'kuyeza kopa ndi golide wa m'dontho limodzi.

Ku Bingham timadontho timeneti tinaonetsa ulendo wonse. Pansi penipeni, madzi anali amtundu umodzi, a mchere wapakatikati, magawo 2 mpaka 12 pa 100. Pofanizira, madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magawo 3.5. Atakwera n'kupepukidwa, madziwo anagawika pawiri: nthunzi yambiri ya mchere wochepa, ndi madzi ochepa olemera, a mchere wofika magawo 45 pa 100. Timapanga tiwiri tija, ka mbulu ya mchere ndi ka thovu lalikulu, ndi ana a mayi mmodzi amene anasiyana pamenepa.

Pa funso loti pakati pa nthunzi ndi madzi amcherewo ndani anasenza kopa wambiri, akatswiri sanamvane. Kwa zaka zingapo miyeso inkasonyeza kopa wochuluka m'timapanga ta nthunzi. Kenako mu 2012 ofufuza a ku Bayreuth ku Germany anaonetsa kuti kopa amatha kulowerera m'kwatsi wotentha n'kukalowa m'kaphanga ka nthunzi ya sulufule kakatsekedwa kale, kutanthauza kuti miyeso ina ija ingakhale yokokomeza. Mkanganowu sukusintha malo amene chitsulo chinatsikira, ndipo kumeneko n'kumene nkhani ya Bingham imakoma.

Pamene katundu anatulidwa

Mukanakhala ndi mpeni wodula phiri la Bingham pakati, mukanaona kuti mwala wa kopa wambiri wakhala ngati kapu yovundikira. Pansi pake, m'kati mwa kapuyo, muli thanthwe lodzaza ndi mitsempha ya kwatsi, yochuluka ngati ya pamwamba, koma kopa wake ndi wochepa kwambiri. Madzi ndi omwewo, ming'alu ndi yomweyo, kwatsi ndi yemweyo. Timadontho ta m'kwatsi wa pansiyo tili ndi kopa wambiri wosungunuka. Kusiyana kwake n'kwakuti pansipo madzi anali akadali otentha kwambiri moti kopa sakanatsika. Anangodutsa, n'kusiya kwatsi yekha.

Gulu la ofufuza la ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland, limene munali Marianne Landtwing ndi Christoph Heinrich, mogwirizana ndi Patrick Redmond ndi Marco Einaudi a ku yunivesite ya Stanford ku America, linatsata timadontho kuyambira pansi mpaka pamwamba. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2005 zinasonyeza kuti kopa wa m'madzimo anatsika pafupifupi ka 100 pamene madzi ankazizira kuchoka pa madigiri 425 kufika pa 350. Kupanikizika kwa pamalopo kunali kowirikiza ka 140 mpaka 210 kwa mpweya umene timapumawu, zimene zikufanana ndi kukhala pansi pa madzi akuya makilomita pafupifupi 1.4 mpaka 2.1. Madzi amene anatuluka m'chiphalaphala akutentha madigiri oposa 600 anasunga katundu wawo ulendo wonse, n'kudzamutula m'kampata ka madigiri 75 okha.

Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo zimagwira ntchito pamodzi. Choyamba, madzi akamazizira kolorini amafooka, sagwiranso kopa mwamphamvu. Chachiwiri chikukhudza sulufule. Potuluka m'chiphalaphala, sulufule wambiri amakhala mumpweya wa SO2, umene sugwirana ndi kopa. Kutentha kukatsika kufika cha m'ma 400, mpweyawu umayamba kulimbana ndi madzi:

```
4SO2 + 4H2O → 3H2SO4 + H2S
```

H2S ndi mpweya uja wonunkha ngati dzira lovunda. Ukangopezeka, umakwatula kopa ndi ayironi m'madzi n'kupanga miyala yolimba. Wina ndi chalokopairaiti, CuFeS2, wachikasu ngati mkuwa wopukuta, amene gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi kopa. Wina ndi bonaiti, Cu5FeS4, amene akakhala pamphepo amasanduka wobiriwira mofiirira ngati khosi la nkhunda, ndipo kopa wake amapitirira magawo 60 pa 100. Golide amatsika nawo limodzi. Pa kutentha kumeneko amalowerera m'kati mwa bonaiti, ndipo mwala ukamazizira amadzatuluka ngati timadontho tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake ku Bingham kumene kuli bonaiti wambiri n'kumenenso kuli golide wambiri.

Patsala funso limodzi, ndipo kwa ine ndi limene limasonyeza kuti mgodi waukulu umafuna kuti zinthu zingapo zikumane pa nthawi yake. Ngati kwatsi anatseka kale ming'alu, kopayo anapeza kuti malo? Kawirikawiri madzi akamazizira amatula silika. Koma pakati pa madigiri pafupifupi 550 ndi 350, kupanikizika kukakhala kochepa, zinthu zimatembenuka: madzi ozizirawo amayamba kusungunula kwatsi m'malo momutula. Choncho pa nthawi yomwe kopa ankafuna potsikira, madziwo anali akudya kwatsi wakale n'kutsegula timipata. Ofufuza aja anaziona pounika mitsempha ndi makina amene amachititsa kwatsi kuwala. Kwatsi woyamba amawala kwambiri ndipo m'mbali mwake ndi modyekadyeka. M'timing'alu todyekato muli kwatsi wachiwiri, wochepa, wosawala kwenikweni, ndipo chalokopairaiti ndi bonaiti ali pamodzi ndi wachiwiriyu. Ndi maso, mtsempha umaoneka ngati chinthu chimodzi. Kwenikweni kwatsi woyera amene akudzaza mtsemphawo anabwera kale, chitsulo chinadzalowa pambuyo.

Asidi wa H2SO4 uja naye sakhala chete. Amadya thanthwe lozungulira, ndipo zimenezi tizionanso pansipa.

Masamu a nkhokwe

Chala cha pofiri chimene chili pakati pa mgodi ndi chaching'ono, sichingakhale gwero la chitsulo chonsecho. Tiyeni tiwerengere mongoyerekeza. Chiphalaphala wamba cha mtundu umenewu chili ndi kopa wokwana magalamu pafupifupi 50 pa tani. Chigawo cha chiphalaphala cha kilomita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya chimalemera matani pafupifupi 2.5 biliyoni, ndiye muli kopa matani 125,000. Mgodi wa Bingham watulutsa kale kopa woposa matani 17 miliyoni. Mukagawa, mupeza kuti panafunika zigawo zotere zoposa 130, ndipo apo tikuyesa kuti madzi anakokolola kopa yense osasiyako, komanso sitikuwerenga amene akadali pansi. Chala chija chinali mpopi chabe. Ntchito yake inali kusonkhanitsa madzi a nkhokwe yaikulu ya pansi kuti adutse pamalo amodzi opapatiza.

Ngakhale zitatero, mwala wa mumgodiwu si wonona monga ena angaganizire. Pa tani imodzi, kopa safika makilogalamu 10, ndipo golide nthawi zambiri safika theka la galamu. Munthu wa beseni ndi mtondo sangapezepo phindu. Chimene chinasandutsa phirili mgodi ndi maganizo a Daniel Jackling ndi anzake, oti mwala wosauka ukhoza kulipira ngati ukukumbidwa wambirimbiri ndi makina. Anayamba kukumba dzenje lapamtunda mu 1906, ndipo lero dzenjelo ndi lalikulu makilomita 4 kukamwa kwake, kuya kwake kupitirira kilomita imodzi. Golide wake samusaka payekha. Amapita ndi kopa mpaka kong'anjo, n'kudzapezeka kumapeto, m'matope otsalira pansi pa matanki amene amayengeramo kopa ndi magetsi.

Kuwerenga thanthwe

Madzi amene anadutsa m'thanthwe amalisintha mtundu, ndipo dera losinthikalo ndi lalikulu kuposa dera la chitsulo. Ofufuza migodi amayamba ndi zimenezi. Pakati, pamene madzi anali otentha kwambiri, thanthwe limadzaza ndi timapepala takuda tonyezimira totchedwa bayotaiti, ndi mwala wofiirira wotchedwa felesipa m'mbali mwa mitsempha. Apa m'pamene kopa ndi golide amayembekezeka. Pamwamba ndi m'mbali, kumene asidi uja anagwira ntchito, thanthwe limayera mbuu, limafewa, ndipo limadzaza ndi pairaiti, mwala wachikasu wonyezimira wa ayironi ndi sulufule. Kutali kwambiri, kumene kunangofika kutentha ndi madzi a m'nthaka, limabiriwira. David Lowell ndi John Guilbert anafotokoza kasanjidwe kameneka mu 1970 atafufuza mgodi wa San Manuel ndi Kalamazoo ku Arizona, ndipo mpaka lero munthu akapeza thanthwe lobiriwira lotere amadziwa kuti ali kumphepete, ayenera kufufuza kumene kuli pakati.

Mitsempha nayo imasiyana, ndipo lamulo lowerengera ndi losavuta: mtsempha umene wadula unzake ndiwo unabwera pambuyo. Lewis Gustafson ndi John Hunt, pofotokoza mgodi wa El Salvador ku Chile mu 1975, anaipatsa zilembo zimene zikugwirabe ntchito. Mitsempha ya A ndi yoyamba, yokhotakhota, kwatsi wake ngati shuga, chifukwa inapangika thanthwe likadali lofewa. Ya B ndi yowongoka, ili ndi kamzere pakati. Ya D ndi yomaliza, yodzaza pairaiti, ndipo mbali zonse ziwiri ili ndi mkombero wotuwa pamene asidi anadya thanthwe. Katswiri akagwira chidutswa cha mwala wotuluka pobowola, amachinyowetsa ndi madzi kuti mitundu ioneke, n'kuyang'ana ndi kagalasi kuti ndi uti wadula uti.

Ku Bingham njira imeneyi inaonetsa kuti chiphalaphala chinabwera maulendo angapo, chala china kudula chinzake. Chala choyamba cha pofiri ndicho chili ndi mitsempha yambiri ndi chitsulo chambiri. Chilichonse chobwera pambuyo chinabwera ndi madzi ochepa, mitsempha yochepa ndi kopa wochepa, pamene nkhokwe ya pansi inkaphwa. Wobowola amene wagwera m'chala chomaliza akhoza kunyamula katundu wake n'kuchoka, osadziwa kuti mwala wonona unali mamita ochepa pambali.

Madzi amene anapitirira sanapite chabe. Pamene anakumana ndi matanthwe a laimu pafupi ndi pofiri, laimuyo anapha asidi ndipo panatsika kopa wonona kwambiri, ngati ku mgodi wa Carr Fork, pambali pa Bingham. Kutali pang'ono, madzi atazizirako, anatula mtovu, zinki ndi siliva, zimene zinkakumbidwa ku Lark ndi migodi ina yozungulira. M'maiko ena madzi ndi nthunzi zimakwera mpaka pafupi ndi kunja, sulufule atagwirabe golide. Kumeneko, pa madigiri 200 mpaka 300, madzi akawira H2S amathawira mu nthunzi, golide n'kutsala wopanda womugwira, ndipo amagwa m'mitsempha ya mizeremizere imene nthawi zina imakhala yonona kwambiri. Ku Philippines mgodi wa Lepanto, wa kopa ndi golide, uli pamwamba ndi pambali pa pofiri wa Far Southeast, ndipo miyeso ya zaka inaonetsa kuti ziwirizi zinapangika nthawi imodzi, zaka pafupifupi 1.4 miliyoni zapitazo.

Pamene zimakanika

Ziphalaphala zambiri zoumira pansi sizisiya mgodi uliwonse. China chimataya chitsulo chisananyamuke n'komwe: sulufule akachuluka msanga, amapanga timadontho tolemera timene timameza kopa ndi golide n'kumira pansi pa nkhokwe, madzi podzatuluka n'kupeza mulibe kanthu. China chimaphulika. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991 linaponya mumlengalenga matani oposa 15 miliyoni a SO2, sulufule amene akanatha kugwira chitsulo akanakhala kuti anadutsa pang'onopang'ono m'ming'alu. China chimaumira pansi kwambiri, madzi ake n'kumwazikana popanda chala chowasonkhanitsa.

Ndipo ngakhale mgodi utapangika, umakhala makilomita ochepa chabe pansi pa mapiri amene akukokoloka msanga. Kukokoloka kukachepa, udakali wobisika. Kukapitirira, wapita kunyanja, kwatsala mizu yokha ya kwatsi wopanda kanthu. N'chifukwa chake migodi yambiri ya pofiri ndi yaing'ono pa msinkhu poyerekeza ndi matanthwe a kuno kwathu, amene ambiri apitirira zaka 500 miliyoni.

Apa m'pofunika kusamala tisanasakanize nkhani. Kopa wa ku Copperbelt ku Zambia sanabwere mwa njira imeneyi. Ali m'matanthwe amene anali matope ndi mchenga, ndipo anabwera ndi madzi amchere oyenda m'matanthwe omwewo. Mitsempha yambiri ya golide ya ku Zimbabwe ndi ya m'matanthwe akale a chigawo chino amaifotokoza kuti inachokera ku madzi ofinyidwa m'matanthwe pamene ankapsa ndi kupindika pansi pa mapiri akale. Mulanje, ngakhale ndi chiphalaphala choumira pansi, ndi wa mtundu wina, wobadwa pamene mtunda unkang'ambika, ndipo amadziwika ndi bokisaiti wa pamwamba pake, mwala umene amapangira aluminiyamu, osati kopa. Chimene nkhani zonsezi zikufanana n'chakuti silika ali paliponse ndipo madzi otentha alionse amamunyamula, pamene golide amafuna madzi oyenera ndi malo oyenera otsikira.

Nanga munthu amene watola mwala woyera ayang'ane chiyani? Kwatsi woyera ngati mkaka, wopanda banga, wosasintha thanthwe la pambali pake, kawirikawiri ndi wouma. Wopatsa chiyembekezo ndi wauve: wa dzimbiri lofiira kapena lakhofi, wa timabowo ta ngodya zinayi mmene munali pairaiti amene anawola ndi mvula, mwina wa mabanga obiriwira amene kopa amasiya. Zonyezimira zachikasu muziyese ndi nyundo kapena nsonga ya mpeni. Pairaiti amaphwanyika n'kusanduka ufa wakuda, timapepala tonyezimira timabenthuka n'kuyandama m'beseni, pamene golide amaphwatalala osasweka ndipo amatsalira pansi. Koma golide wa mtundu wa Bingham saoneka ngakhale ndi kagalasi. Amadziwika pokhapokha mwalawo ukaperedwa n'kuyezedwa ku labotale, ndipo chidutswa chimodzi chosankhidwa chifukwa chokongola sichinena za mtsempha wonse. Oyeza amatema mwala mopingasa mtsempha, kuyambira khoma lina mpaka linzake, pamalo angapo motsatira utali wake, n'kuyeza thumba lililonse palokha.